Mawu a Kuseri kwa Chithunzi cha ku Choma

Ana anga, chithunzi chija mwachiona nonse. Ndakhala pabenchi, chipewa chili pabondo, pambali panga palibe munthu. Mwawerenganso mawu a kuseri kwake, ndipo ndikudziwa kuti mumaseka ine kulibe. Rute, iwe wamkulu, unandifunsa chaka chatha ngati ndinkadwala mutu masiku amenewo. Sindinkadwala. Mawu amene aja anatsala pang'ono kuthetsa ukwati wanga ndi malemu amayi anu. Ndilemba mmene zinayendera, ngakhale zina sindizimvetsa mpaka lero.

1961 mpaka 1969

Ndinafika mu Lusaka kuchokera ku Katete mu 1961, nditalekeza sukulu Sitandade 4. Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mbale pa hotela ina ya m'tauni. Mwini wake anali Mgiriki. Dzina lake sinditchula. Anandiphunzitsa ntchito, ananditukwananso, ziwirizo zinakwanirana. Patapita zaka ziwiri anandipatsa jekete loyera nkundiika m'chipinda chodyera kuti ndikhale weta. Tsiku loyamba anandigwira khutu nati, "Phiri, weta sagwira ntchito ndi manja. Amagwira ndi ichi. Mlendo asakuitane kawiri." Ndinasunga lamulo limenelo zaka makumi atatu. Alendo ena ankaitana pomenya tambula ndi supuni, ena pokhwatchitsa zala, ena ankangoti "boyi". Dziko litalandira ufulu mawu oti boyi anatha, anayamba kunena kuti komuredi, koma supuni ija inapitiriza kulira patambula monga kale.

Pakhomo pa hotela ankagulitsa makhadi a zithunzi, ena a njovu, ena a mathithi a ku Livingstone. Azungu ankagula, nkulemba kuseri kwake pa chakudya cha mmawa, tiyi asanazizire, nkundipatsa kuti ndikaponye m'bokosi la makalata. Envulopu panalibe. Tsiku lina ndinafunsa Mgiriki uja kuti kodi amalembamo chiyani mofulumira chotero. Iye anati, "Palibe. Amangoti ndili kuno, dzuwa lili bwino." Ndinaganiza kuti anthuwa ndi opepuka mitu. Munthu alipire ulendo wautali, osati wa maliro, osati wa ukwati, kuti akangouza anzake za dzuwa?

Ndinakwatira amayi anu, Esinati naBanda, mu 1964. Mu 1967 tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Matero, yomwe munakuliramo.

1970 mpaka 1975

Mgiriki anagulitsa hotela nkubwerera kwawo. Manijala watsopano anali a Chanda, mwana wa ku Kopabeluti, wophunzira, wosatukwana. Anandikweza kukhala mkulu wa maweta. Ndinanyada, ndipo sindichita manyazi kunena choncho. Maweta khumi ndi awiri anali pansi panga, ndipo panalibe amene ankalowa m'chipinda chodyera ndi chikhadabo chakuda. Zaka zimenezo misonkhano inachuluka mu Lusaka. Gulu la alendo likachoka mmawa, masana lina lafika. Kenako malire a kummwera anatsekedwa, zinthu zinayamba kusowa. Batala kulibe, mafuta ophikira kulibe, nthawi zina ndi sopo yochapira nsalu za pathebulo yomwe. Wophika amabisala kukhitchini, manijala amabisala mu ofesi. Woima pamaso pa mlendo nkunena kuti kulibe ndi mkulu wa maweta. Ndinanena mawu amenewo tsiku lililonse, nditaweramitsa mutu ngati ndadya batalayo ndine.

Tchuthi changa chinkazengerezedwa. Ndikalowa mu ofesi, a Chanda ankati, "Ba Phiri, mukachoka imwe hotela yagwa. Mwezi wamailo." Mwezi wamawa umenewo unatha zaka zisanu. Ndinkapuma Lolemba lokha, ndipo Lolemba linali la anthu ena. Nyumba ya ku Matero inali chipata cha mudzi wonse. Wofuna ntchito, wopita kuchipatala chachikulu, wothawa mlandu wa mimba, onse ankatsikira kwa Phiri wa kuhotela. Panali nthawi imene tinagona anthu khumi ndi mmodzi m'zipinda ziwiri zija. Kunja kusanayere bwino wina wagogoda kale: a Phiri maliro ku Chawama, a Phiri msonkhano wa chipani, a Phiri mundiyankhulireko kwa abwana anu. Kuntchito Phiri, kunyumba Phiri, kutchalitchi Phiri. Ndinayamba kumva dzina langa ngakhale pamene palibe wonditchula. Ndinkatembenuka pamsewu nkupeza kulibe munthu. Sindinauze aliyense. Mwamuna wa nthawi yathu sankanena zotere.

Juni 1976

A Chanda anandipatsa masabata atatu. Amayi anu anakonza zonse. Inu munali pasukulu, choncho ndinayenera kupita ndekha ku Katete kukaona makolo a mbali zonse ziwiri. Anaima pamzere masiku anayi kuti apeze sopo, mchere ndi shuga, nkumanga mtolo wabwino. Anandiuzanso milandu yondidikira kumudzi: malire a dimba, ng'ombe ya malume, mlongo wanga amene mwamuna wake anamuthawa. Lolemba mmawa ndinanyamula mtolo kupita kokwerera mabasi a kummawa. Basi inali itadzaza, ndipo ndisanakwere nkomwe anthu awiri akwathu anandiona nkuyamba, "A Phiri! Mwachita bwino, tili ndi nkhani." Ndinaima, phazi limodzi lili pakhomo la basi. Kenako ndinatsitsa phazilo. Ndinapatsa mmodzi wa iwo mtolo kuti akapereke kwa amayi anga, nkunena kuti ndibwera pambuyo. Ndinayenda wapansi mpaka kusiteshoni ya sitima. Sindinakonze zimenezi. Musandifunse chimene chinandigwira, chifukwa ndadzifunsa ndekha zaka zambiri.

Ndinagula tikiti ya kummwera chifukwa kumeneko sindinkadziwa munthu ngakhale mmodzi. Ndinatsika pa Choma chifukwa pamenepo ndi pamene matako anatopa. Ndinapeza chipinda ku resitihausi ina yaing'ono. Masiku awiri oyamba sindinapume. Mlendo wina atamenya kapu ndi supuni, ndinapezeka ndaimirira kale. Ndinayamba kuwongola mafoloko pamathebulo a eni ake mpaka mayi wogwira ntchito pamenepo anandiyang'ana moipa. Tsiku lachitatu ndinakhala pabenchi kuseri kwa nyumbayo, pansi pa mtengo, kuyambira mmawa mpaka dzuwa litapendeka. Anthu ankadutsa akuyankhula Chitonga, chimene sindimva. Palibe amene anandifuna. Poyamba ndinachita mantha, ngati munthu amene wamwalira koma sanauzidwe. Kenako ndinamva nkhunda. Ndinamva mphepo m'masamba ouma, ndi wotchi yanga ya pamkono, imene ndinali nditaivala zaka zisanu ndi ziwiri osadziwa kuti imalira. Ndinagona tulo masana, chokhala, pakamwa pali yasa. Kaya chimenecho ndicho chimwemwe, sindidziwa. Sichinafanane ndi chimwemwe cha paukwati kapena cha pobadwa mwana.

Lachinayi ndinakumana ndi wojambula zithunzi, ba Mulenga, amene ankazungulira tauni panjinga, kamera ili m'khosi. Anakhalako ku Kanyama mu Lusaka, choncho tinamvana chinenero. Ndinamuuza kuti andijambule pasiteshoni, sitima ili kumbuyo. Anakana. "Mudala, mufuna batimange? Masiku yano njanji na mabuliji sitikopa. Bazakamba ati ndimwe kazitape wa kumwela." M'kayankhulidwe kake, kukopa ndi kujambula, ndipo chikope ndi chithunzi. Tinabwerera pabenchi paja. Anandiuza kuti ndivule chipewa chifukwa chinkaika mthunzi pankhope, ndiyang'ane chakudzuwa, ndisaphethire. Anati ndimwetulire. Ndinakana. Anandiuza kudikira masiku awiri, chifukwa filimu satsuka isanathe, ndipo yake inatsala ndi malo asanu oti adzaze ndi anthu ena.

Loweruka anabweretsa zithunzi zitatu zofanana, zakuda ndi zoyera, zosindikizidwa papepala lolimba ngati makhadi a kuhotela aja. Kuseri kunali mzere pakati. Kumanja kwa mzere nkolemba adiresi ndi kumata sitampa, kumanzere nkolemba mawu. Malo a mawuwo sanapose chikhatho cha mwana. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti amayi anu akuganiza kuti ndili ku Katete, ndipo tsiku lina wina adzachokera kumeneko nkuwauza kuti mtolo unafika wopanda mwini. Ndinayenera kuwauza ndekha. Ndinati ndichita monga Azungu aja: mawu ochepa, tiyi asanazizire.

Zinanditengera masiku atatu. Pa chithunzi choyamba ndinalemba ndi bolopeni kuti, "Andituma kuntchito ku Choma mwadzidzidzi." Linali bodza, ndipo ndinadinikiza kwambiri monga amachitira munthu wonama. Nditatembenuza, zilembo zinali zitatuluka kutsogolo ngati zipsera, zitadutsa pamphumi panga. Ba Mulenga ataona anaseka mpaka anatsamira njinga. "Bolopeni iyayi, mudala. Pensulo yofewa, elo muike chikope pa tebulo yolimba, osati pa bondo." Anatulutsa kabuku kake ka mawu okonzeratu, amene makasitomala ake ankasankhamo. Ndinasankha akuti, "Mundikumbukire monga ine ndikukumbukirani," nkulemba pa chachiwiri. Nditawerenga ndinanyansidwa. Anali mawu a mnyamata wofunsira mbeta, kapena a munthu wotsazika kupita kumanda. Amayi anu akanadziwa pomwepo kuti si anga. Ndinang'amba.

Chinatsala chimodzi. Ndinamufunsa ba Mulenga kuti anthu anzeru amalemba chiyani. Anayankha mosaseka tsopano. "Vitatu chabe. Malo, mwezi, na chintu chamene chikope sichingakambe. Osalemba ati nankala pa benchi, benchi baiona kale. Lembani chamene munamvela pamene munankala apo." Ndinayamba kuyesera papepala la m'thumba. Ndinalemba za kutopa kwa zaka zisanu, sizinakwane malo. Ndinalemba zopepesa, zinatalika ngati pemphero la Mgonero. Ndinafufuta, nkudula, nkufufutanso. Ndinaona kuti malo akachepa, zodzikhululukira ndizo zimayamba kugwa, nkutsala chimene munthu akutanthauza. Lachiwiri mmawa ndinalemba ndi pensulo mawu amene mukuwadziwa:

"Choma, Juni 1976. Ndili ndekha. Palibe wondiitana. Ndadzuka pamene ndafuna, ndadya pamene ndafuna. Kuno kuli zii, ndipo ndapuma. Ndibwera Lachinayi la sabata yamawa. Y. Phiri."

Ndinawerenga kawiri. Munalibe bodza ngakhale limodzi, ndipo ndinanyada nawo. Ndinamata sitampa nkuponya. Cholakwa changa chinali ichi. Ku Matero munthu wa positi sankafika pakhomo. Makalata athu ankadzera m'bokosi la tchalitchi, ndipo mkulu wa mpingo, a Daka, ankawagawa Lamulungu mapemphero atatha, akuitana mayina panja. Ine ndinaona Azungu akutumiza makhadi osaphimba zaka khumi ndi zisanu, ndipo sindinaganizepo kuti kwawo palibe amene amasamala za khadi la mnzake. Envulopu inali kugulitsidwa pa positi pomwepo. Sindinaigule.

Kubwerera

Ndinamva pambuyo pake kuti khadi lisanafike m'manja mwa amayi anu linadutsa m'manja asanu ndi limodzi. Aliyense ankati aone chithunzi, nkutembenuza. Amayi anu ankawerenga pang'onopang'ono, choncho mayi wina wa chigwirizano anawathandiza mokweza mawu, amayi onse a mpingo atazungulira. Pofika madzulo Matero yense ankadziwa kuti Phiri wa kuhotela wathawa nyumba yake ndipo akuti wapuma.

Nditafika Lachinayi masana ndinapeza anthu atatu atakhala panja: a Daka, mchimwene wa amayi anu a Gidioni Banda ochokera ku komboni ya George, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wathu, ndi amayi anu pamphasa. Pakhomo panali sutikesi yawo yachitsulo, itamangidwa ndi chingwe. Inu anakutumizani kwa aneba. Palibe amene analandira chikwama changa.

A Gidioni anagwira chithunzi ngati wapolisi. "Alamu, mukhale pansi. Mkazi ali kuti?"

"Mkazi uti?"

"Musandipusitse. Benchi ili ndi lalitali. Inu mwakhala kumapeto. Apa potsala anakhala ndani?"

"Panalibe munthu."

"Wamudula wojambula. Amatero, ndikudziwa. Ni mu Tonga? Ali na ng'ombe zingati?"

Ndinati kunalibe mkazi. Anafunsa ngati unali mowa. Ndinati sindimwa, iwonso akudziwa. Anafunsa ngati andichotsa ntchito, ngati apolisi akundifuna, ngati ndinapita kwa sing'anga. Zonse ndinakana. Anafunsa chimene ndinkachita masabata awiri ndi theka. Ndinati ndinkakhala pabenchi.

"Kudikira ndani?"

"Palibe."

A Gidioni anavula magalasi nkuyang'ana a Daka. "Abambo, ine ndaweruzapo milandu. Akanakhala mkazi, bwenzi tikudziwa pogwira. Alamu agwada, mbuzi iperekedwa, mlongo wanga alira, Loweruka tidya. Koma ichi nchiyani? Munthu kusiya makolo ake, kusiya ana, kupita kwa Atonga kukakhala pabenchi? Mlandu uwu ulibe ndi dzina lomwe."

A Daka anali munthu wofatsa, ndipo anafuna kundipatsa potulukira. Anati, "A Phiri, mwakhala nthawi yaitali ndi Azungu. Mwina mawu awa munangotengera kwa iwo, kapena anakulemberani wojambula. Nenani pamaso pa akazi anu kuti si a mumtima mwanu, ting'ambe khadili, sutikesi ilowe m'nyumba."

Inali njira yosavuta, ndipo ndinaiona. Mawu amodzi okha, nkhani yatha. Ndinayang'ana sutikesi ija. Ndinaganiza za inu mukukulira ku George m'nyumba ya malume anu. Pantchito ndinali nditazolowera kunena chilichonse chimene chingakhazike mlendo pansi. Koma pakamwa panakana. Ndinati, "Ndinalakwa posawauza kumene ndikupita. Ndinalakwa potumiza khadi losaphimba, nkuwachititsa manyazi pampingo. Pa ziwirizi ndipepesa, ndipo chimene munganene ndichita. Koma mawuwo ndi anga. Ndinalemba ndekha, ndipo ndi oona."

A Gidioni anamenya manja pantchafu. "Mwamva? Akuti ni vazoona!"

Apo ndi pamene amayi anu anayankhula koyamba. Sanakweze mawu, sanandiyang'ane. "Atate ake Rute, za manyazi zisiyeni, manyazi amatha. Ndifunse chimodzi. Mwalemba kuti palibe wokuitanani. Kuhotela amakuitanani, ndikudziwa. Abale anu amakuitanani. Koma mmawa uliwonse woyamba kukuitanani ndine, kuti madzi osamba atentha. Pamene munkalemba, ine munandiwerengera pamodzi ndi iwo?"

Ndayankhapo nduna za boma, ndayankhapo Azungu oledzera. Funso ili linandisowetsa pogwira. Ndikanati iyayi, likanakhala bodza, chifukwa pabenchi paja sindinalakalake liwu la munthu aliyense. Ndikanati inde, likanakhalanso bodza, chifukwa polemba ndinkafuna kuti munthu mmodzi padziko adziwe chimene ndinapeza, ndipo munthuyo anali iwo. Ndinati, "Sindidziwa." A Gidioni anati yankho lotere sanalimvepo kwa munthu wandevu. Amayi anu anatambasula dzanja, nkulanda khadi kwa mchimwene wawo, nati, "Achimwene, pitani, minibasi zingakuthereni. Ndikafuna kubwera ndidziwa njira." Analowetsa sutikesi okha. Sanaimasule. Inakhala kuseri kwa chitseko chimangire sabata yonse, ndipo ine ndinkaiyang'ana pochoka ndi pobwera.

1976 mpaka 1995

Ndinabwerera kuntchito. Lolemba loyamba lopuma ndinadzuka nkupeza nyumba ili chete. Palibe amene anandiitanira madzi; ndinawapeza ali m'beseni. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, panali mpando umodzi. Mphwanga amene ankakhala nafe, amayi anu anali atamutuma kumsika pamodzi ndi mkazi wake. Ndinamva munthu akugogoda kutsogolo, "Odi, ba Phiri balipo?" Ndinamva amayi anu akuyankha, "Alipo, koma mubwere dzuwa likafika pamutu." Ndinakhala pampando paja. Amayi anu anadutsa pafupi nane kawiri ndi zochapa, osandiyang'ana. Nthawi ya nkhomaliro itakwana anayamba kundiyankhula ngati palibe chachitika. Madzulo ake ndinaona sutikesi ili pansi pa bedi, chingwe chitachoka.

Lolemba lotsatira zinali chimodzimodzi, ndi lotsatiranso. Inu mukukumbukira lamulo lakuti Lolemba mmawa atate sayankhulidwa, ndipo munkaganiza kuti ndinaliika ndine chifukwa cha ukali. Sindinaliike ine. Sitinakambiranepo. Linakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ngakhale nditapuma ntchito, pamene masiku onse anasanduka ofanana. Ku Choma sindinapitenso, ndipo sindinalakalake kupita.

Chimene sindidziwa ndi ichi. Masabata ena mpando uja unkaoneka ngati mphatso, ya munthu amene anamvetsa zimene ine ndinalephera kufotokoza. Masabata ena, makamaka tikayambana Lamulungu, unkaoneka ngati chilango: munafuna kukhala nokha, khalani. Nkhope yawo inali imodzimodzi pa zonse ziwiri. Ndine munthu wonyada, sindinafune kufunsa. Ndinafunsa kamodzi kokha, mu 1995, atayamba kale kudwala. Anali atatulutsa mpando movutika, akupumira m'mwamba, ndipo ndinawagwira dzanja ndisanakhale.

"Amake Rute, zaka zonsezi, mpando uwu mumandiikira chifukwa chondimvera chisoni, kapena simunandikhululukire?"

Anandiyang'ana, nkuchotsa dzanja langa pang'onopang'ono.

"Lero ndi Lolemba," anatero. "Sitiyankhula."